Mlendo ndi Mame: Mawu Otsegulira Madyerero a Ukwati Asatalike

Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi mwambi umenewu ankaphunzitsa kuti munthu amene wabwera kudzacheza sakhalitsa, choncho mwini khomo ayenera kumchitira zabwino mwamsanga nthawi isanathe. Mwambiwu umagwira ntchito pakhomo lililonse, koma umalemera kwambiri pa madyerero a ukwati, pamene alendo mazanamazana amasonkhana kwa maola ochepa chabe, dzuwa likapendeka n'kubalalika. Pa tsiku lotere pamakhala munthu mmodzi wopatsidwa udindo woimirira, pemphero likangotha, kuti alonjere anthu ndi kuwamasula kuti asangalale. Ntchitoyi imaoneka yopepuka, komabe maukwati ambiri amayamba kuzizira pomwepo, chifukwa wolankhulayo watalikitsa, waiwala wina wofunika, kapena wasandutsa malonje kukhala bwalo la malangizo.

Mfundo yake ndi iyi: mawu otsegulira madyerero ayenera kulankhulidwa ndi munthu wa m'banja, ayenera kulonjera anthu motsata ulemu wawo, ndipo asapyole mphindi zitatu. Adzukulu amene mawa adzapatsidwe chimkuzamawu pa ukwati wa mlongo wawo achita bwino kumvetsa chifukwa chake.

Mwini khomo ndiye alandira mlendo

Pamudzi, mlendo akafika amati odi, ndipo mwini nyumba amatuluka, kumlandira katundu ndi kumuyalira mphasa kapena kumpatsa mpando. Akakhala pansi ndi pamene amapatsidwa moni, kenako malonje, ndipo pambuyo pake madzi osamba m'manja ndi nsima zimabwera. Chofunika kuchiona pa mwambo umenewu n'chakuti wolandira mlendo ndi mwini khomo. Munthu wongodutsa ndi njira sangauze mlendo kuti wafika kwawo, popeza iye mwini si kwawo.

Mawu otsegulira madyerero ndi mphasa yomweyo, koma yoyalidwa ndi pakamwa. N'chifukwa chake funso loyamba n'lakuti: kodi mwini khomo pa ukwati ndani? Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayawo ndi Alomwe, kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, mwini mbumba ndi mtsibweni, mlongo wa mayi ake a mkwatibwi. Ukwati ukachitikira kwawo kwa mkazi, iyeyo kapena nkhoswe imene waituma ndiye woyenera kulandira akuchimuna. Kumene ukwati umayenda ndi malowolo, monga pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Angonde a ku Karonga ndi Asena a ku Nsanje, mphamvu imakhala kuchimuna, ndipo bambo kapena mbale wa bambo ndiye amakhala patsogolo. Ukwati ukachitikira m'holo ya m'tauni, imene mabanja onse awiri asonkherana kulipira, palibe amene ali pakhomo pake penipeni. Apa m'pamene pamafunika kukumbukira kuti nkhanga zidapangana kusanapse. Ankhoswe a mbali zonse agwirizane, tsiku lisanafike, kuti wotsegulira achokera mbali iti ndipo wothokoza pomaliza achokera mbali iti. Mbali imodzi ikatsegula, inayo itseke, ndipo palibe amene angapite kwawo akung'ung'udza.

Masiku ano ntchito imeneyi yayamba kusiyidwa m'manja mwa woyendetsa mwambo wolembedwa ganyu. Ena amati palibe cholakwika, popeza woyendetsa mwambo amadziwa kulankhula, saopa khamu, ndipo amaseketsa anthu. Zimenezo n'zoona, ndipo luso lake n'lofunika pa perekaniperekani. Koma iye wabwera kudzagwira ntchito, ndipo Loweruka lotsatira adzakhala pa ukwati wina akunena mawu omwewo. Sadziwa kuti agogo amene akhala pakona ndi amene adalera mkwatibwi mayi ake atamwalira, ndiponso sadziwa kuti akuchimuna adanyamuka usiku kuti afike nthawi yabwino. Akuchimuna akamva kuti takulandirani kuchokera pakamwa pa mtsibweni, amadziwa kuti mbumba yonse yawalandira. Akamva mawu omwewo kuchokera kwa waganyu, amangodziwa kuti mwambo wayamba. Woyendetsa mwambo aitane mtsibweni, ampatse chimkuzamawu, ndipo akatha achilandirenso.

Ndondomeko ya moni

Pamene pamagona mlandu waukulu ndi pa ndondomeko yotchulira anthu. Munthu akhoza kukhululuka nsima yosapsa bwino, koma saiwala msanga kuti adadumphidwa pamaso pa khamu.

Ulemu woyamba umapita kwa mafumu, popeza iwo ndiwo eni nthaka, ndipo amatchulidwa kuyambira wamkulu kutsika m'munsi: mfumu yaikulu ngati ilipo, kenako agulupu, kenako anyakwawa. Mfumu imatchulidwa ndi dzina la ufumu wake, osati dzina limene idapatsidwa ili mwana. Kenako amabwera atsogoleri a chipembedzo amene adalitsa ukwatiwo, kaya ndi abusa, ansembe kapena ashehe. M'malo ena, makamaka madyerero akachitikira pabwalo la tchalitchi, amayamba ndi abusa, ndipo zimenezo sizidetsa nkhawa malinga ngati zidakambidwa kale. Pambuyo pawo amabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amene pa chinkhoswe adasinthana tambala ndi msoti, navomera kusenza banjali likadzakumana ndi zovuta. Kenako makolo, kenako akwati eni ake, ndipo potsiriza khamu lonse.

Pali lamulo limodzi losalembedwa limene wolankhula wanzeru saliphwanya: amayamba ndi a mbali inayo, n'kumalizira ndi a kwawo. Mtsibweni wa kuchikazi atchule ankhoswe a kuchimuna asanatchule a kuchikazi, ndiponso makolo a mkwati asanatchule alongo ake. Mwini nyumba sayamba kudzipakulira nsima mlendo akuyang'ana.

Chinthu china chothandiza ndi kutchula magulu m'malo mwa maina. Wolankhula akangoyamba kutchula azakhali mmodzimmodzi, wadzitchera msampha, chifukwa akatchula asanu n'kuiwala wachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti walemekeza asanu ndipo wanyoza mmodzi. Koma akati azakhali onse a mbali zonse ziwiri, palibe wotsala. Maina asungidwire mafumu, atsogoleri a chipembedzo ndi akwati. Mfunda umathandizanso, pakuti kunena kuti a Phiri nonse ndi a Banda nonse kumakuta anthu ochuluka ndi mawu ochepa, ndipo aliyense amamva kuti waitanidwa.

Kwabweranso chizolowezi china chochokera ku misonkhano ya boma, chongonena m'Chingerezi kachiganizo kamodzi kotanthauza kuti ulemu wonse watsatidwa, kenako n'kupitirira. Pa ukwati kachiganizo kameneka n'kosakwanira. Kunena kuti ulemu waperekedwa si kuupereka, monganso kunena kuti madzi abwera sikusambitsa munthu m'manja. Gogo wochokera kumudzi samva n'komwe kuti mawu amenewo amamukhudza.

Chitsanzo cha mawu ake

Kuti nkhaniyi iwoneke bwino, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mkwatibwi ndi wa mfunda wa Banda wochokera ku Dedza, mkwati ndi wa mfunda wa Phiri wochokera ku Kasungu, ndipo madyerero akuchitikira m'holo ina ku Lilongwe. Ankhoswe adagwirizana kuti akuchikazi atsegula, akuchimuna atseka. Pemphero litatha, mtsibweni wa mkwatibwi aimirira, aomba m'manja mwaulemu moyang'ana kumene kwakhala mafumu, ndipo alankhula motere:

"Zikomo agulupu ndi anyakwawa amene mwatilemekeza pokhala nafe. Zikomo abusa amene mwadalitsa ana athuwa m'mawa uno. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, asewere athu ochokera ku Kasungu, makolo a kuno kwathu, a Phiri nonse ndi a Banda nonse, abale, anansi, a mpingo ndi anzawo a kuntchito a ana athuwa, zikomo nonse.

"Ine ndaima pano m'malo mwa mbumba ya kuchikazi. Chatisonkhanitsa ndi chimodzi: mwana wathu Nabanda ndi mwana wanu a Phiri lero amanga banja, ankhoswe akuona, mpingo ukuona. Ife tapeza mwana wamwamuna, inu mwapeza mwana wamkazi.

"Tikudziwa kuti ena mwanyamuka tambala asanalire, ena mwasiya minda, ena mwatseka malonda anu. Mtunda umene mwayendawo sitiutenga mopepuka. Takulandirani ndi manja awiri. Asewere athu, pano musakhale ngati alendo, mwafika kwanu.

"Amayi athu atikonzera kachakudya ndi kathobwa, ndipo atsikana akupezani pomwe mwakhalapo. Chikachepa mutikhululukire, mtima ndiwo waukulu. Ng'oma ikalira, wachikulire ndi mwana yemwe, bwalo ndi lanu. Idyani, imwani, vinani, sangalalani ndi ana athu. Zikomo kwambiri."

Mawu amenewa, akalankhulidwa mosathamanga ndi kupumira nthungululu za amayi, amatha m'mphindi ziwiri. Komabe m'kati mwake muli zonse zofunika. Gawo loyamba lapereka moni motsata ndondomeko, ndipo akuchimuna atchulidwa patsogolo. Gawo lachiwiri lanena amene akulankhula ndi chimene anthu asonkhanira. Wolankhulayo sanadzitchule maudindo ake a kuntchito, wangonena mbumba imene yamtuma, chifukwa mphamvu ya mawu ake ikuchokera kumeneko. Mkwati wamutchula ndi ulemu wa a Phiri ngakhale ndi mnyamata, popeza mkamwini salankhulidwa ngati mwana wa pakhomo. Gawo lachitatu lazindikira zimene alendo ataya kuti abwere, ndipo limeneli ndi gawo limene limafewetsa mitima. Gawo lachinayi lawamasula.

Kachakudya ndi kathobwa si mawu osonyeza umphawi ayi. Ndi mwambo wa mwini khomo kuchepetsa chimene wakonza ngakhale atapha ng'ombe, kuti mlendo ndiye ayamikire. Wolankhula amene ayamba kuwerengera khamu mbuzi zimene zaphedwa ndi matumba a mpunga amene aphikidwa wasiya kulandira alendo, wayamba kudzitama.

Kumasula alendo nakonso kuli ndi tanthauzo lake. Mlendo wolemekezeka satambasula dzanja m'mbale asanauzidwe, ndiponso savina pabwalo la eni ake asanaitanidwe. Izi zimakula kwambiri pakati pa mabanja awiri amene angodziwana kumene, pamene apongozi amachitirana manyazi ndipo aliyense amaopa kuoneka wopanda khalidwe. Mawu akuti bwalo ndi lanu amachotsa manyazi amenewo. Wolankhula akaiwala kuwanena, akuchimuna amakhala chete m'mipando mwawo, ndipo akuchikazi amayamba kunong'onezana kuti alendowa ndi odzikuza, pamene vuto lili ndi amene sadawamasule.

Chifukwa chake mphindi zitatu

Ena amati kulankhula mwachidule pa tsiku lalikulu n'kuchepetsa mwambo, ndipo wamkulu ayenera kupatsidwa mpata wonena zakukhosi. Maganizo amenewa amachokera pa ulemu, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma masamu a tsikulo amawatsutsa.

Pa ukwati wongoyerekeza uja, holo yalipiridwa kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko, ndiye kuti pali mphindi 240. Akwati achedwa kojambulitsa ndi mphindi 30, ndipo kulowa kwawo movina pamodzi ndi operekeza kwatenga mphindi 20. Pemphero latenga mphindi 5, kudula ndi kugulitsa keke kudzatenga 25, ndipo kuthokoza ndi pemphero lotsekera kudzatenga 10. Zonsezi zikachotsedwa, patsala mphindi 150. Pa ndandanda wa perekaniperekani pali magulu 18, ndipo gulu lililonse likapatsidwa mphindi 8, zonse pamodzi ndi mphindi 144. Zotsalira mawu otsegulira ndi mphindi 6 zokha. Mtsibweni akalankhula mphindi 25, wapyola ndi 19, ndiye kuti wadya nthawi ya magulu awiri ndi kupitirira apo.

Magulu odyeredwawo si manambala chabe. Ndi anthu amene adasintha ndalama zawo kukhala zing'onozing'ono kuti adzavine nazo, ndipo kawirikawiri ndi a kumudzi amene ayenera kuthamangira minibasi kusanade. Maukwati ambiri amachitika m'nyengo yopanda mvula anthu atakolola, ndipo m'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Anthuwo amapita ndi ndalama zawo m'thumba, osavina, ndipo banja latsopano limataya mphatso zimene zikadalithandiza kuyamba moyo. Mame akamuka wolankhula akadali pa chimkuzamawu.

Zimene siziyenera kulowamo

Chimene chimatalikitsa mawu otsegulira, nthawi zambiri, ndi malangizo. Wamkulu akaona ana awiri atakhala patsogolo pake, mtima umamuuza kuti awaphunzitse za kupirira, za ndalama ndi za kulemekeza apongozi. Malangizowo ndi abwino, koma ali ndi malo ake. Ankhoswe adalangiza pa chinkhoswe, alangizi a mpingo ndi anamkungwi adalangiza m'nyumba, ndipo abusa alalika m'mawa womwewo. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kumvedwa kaye, ndipo mkwatibwi amene wakhala pa mpando wokongoletsedwa, makamera akumuwalira m'maso, samva kanthu. Choipa kwambiri n'chakuti malangizo a pagulu amamveka ngati chidzudzulo. Mtsibweni akati mkamwini asamamenye mkazi, akuchimuna amadzifunsa kuti kodi akuchikazi amva zotani za mwana wawo.

Chachiwiri ndi madandaulo. Pokonzekera ukwati sipalephera kukhala kusamvana: wina sadasonkhe zimene adalonjeza, wina adafuna holo ina. Nkhani zimenezi ndi za ankhoswe, ndipo akulu ndi m'dambo mozimira moto, si mphepo youkolezera. Wolankhula amene aponya mawu okuluwika onena za anthu amene amangofuna kudya osasonkha amaganiza kuti wabisa, koma holo yonse imadziwa amene akunenedwa. Akale adachenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Masiku ano mlomowo umatsata munthu kwenikweni, popeza lamya za m'manja zimajambula chilichonse ndipo mawu amafika kwa abale a ku Joni madyerero asanathe.

Chachitatu ndi nthabwala zokhudza mbiri ya akwati, monga zibwenzi zakale, kuchedwa kukwatiwa kapena msinkhu. Nthabwala zotere zili ndi eni ake, monga asuweni ndi anthu a chinansi, amene mwambo umawalola kunyogodolana. Mtsibweni amene waima m'malo mwa mbumba alibe ufulu umenewo pa nthawi imeneyo.

Chachinayi ndi ndalama. Perekaniperekani adzabwera, ndipo aliyense akudziwa. Koma kutchula ndalama m'mawu olandirira alendo kuli ngati kufunsa mlendo chimene wanyamula asanakhale pansi. Woyendetsa mwambo ndiye adzanene zimenezo nthawi yake ikakwana.

Zizindikiro zakuti nthawi yatha

Khamu silinena kuti latopa, koma limaonetsa. Anyamata amayamba kutuluka mmodzimmodzi, amayi amayamba kucheza chapansipansi, ndipo woimba nyimbo amayamba kuyesa zida zake pang'onopang'ono. Chizindikiro chomveka kuposa zonse ndi nthungululu zobwera pakati pa chiganizo. Wolankhula wosazindikira amaganiza kuti akuyamikiridwa, n'kuwonjezera mphamvu, pamene amayiwo akumuthandiza mwaulemu kuti akhale pansi. Akaona ankhoswe a mbali yake akuyang'ana pansi, adziwe kuti walowa m'munda wa eni.

Njira yopewera zonsezi ndi kukonzekera dzulo lake. Wolankhula afunse ankhoswe a mbali zonse maina enieni a mafumu ndi a atsogoleri a chipembedzo amene abwere, awalembe pa kapepala kakang'ono, ndipo pa tsikulo atsimikize kuti afikadi, chifukwa kulonjera mfumu imene kulibe n'kuiwala imene ilipo ndi manyazi aakulu. Ayesere mawu ake mokweza pamaso pa mdzukulu amene wagwira wotchi. Ngati mbali inayo imalankhula chinenero china, aphunzireko moni wake wokha, monga monire wa Chitumbuka, pakuti liwu limodzi lotere limagwira ntchito imene ziganizo khumi sizingagwire. Ndipo akafika pa mawu akuti sangalalani, asawonjezerepo china, ngakhale atakumbukira mwambi wokoma chotani.

Mtsibweni amene walankhula mphindi ziwiri sanachepetsedwe ulemu. Iye wapereka kwa aliyense malo ake, walumikiza mabanja awiri pamaso pa mboni, ndipo wasiyira achinyamata bwalo dzuwa likadalipo. Mawu ake otsala asungidwe, pakuti banjali lidzawafuna m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, pamene ana awiriwo adzabwere kudzakhala pamphasa pake opanda chimkuzamawu ndi opanda khamu.